Football si mpira wathu: timabokosi tiwiri timene timasocheretsa omvera

Pa mndandanda umene kampani ya Apple imasanjira mapodikasiti, pansi pa gulu la zamasewera lotchedwa Sports, pali timagulu tiwiri tosokoneza: Football ndi Soccer. Munthu wokonda Maule kapena Manoma akauzidwa kuti asankhe, chala chimathamangira pa Football osaganiza kawiri. Komatu akatero wasochera kale. Pa mndandandawo, Football ndi mpira wa ku America, uja wa zipewa zolimba ndi mapewa otukumuka, umene amathamanga nawo ataukumbatira. Mpira wa miyendo, umene umadzaza bwalo la Kamuzu, uli pa Soccer.

Kulakwitsa kotereku sikulira belu. Podikasiti imalowa pa intaneti bwinobwino, mawu amamveka, chithunzi chimaoneka, ndipo abale ndi anansi amene atumiziridwa linki pa WhatsApp amamvetsera n'kuyamikira. Chimene sichioneka n'chakuti makina amene amasankhira anthu zomvera ayiika pakati pa alendo, ndipo mwiniwake amatha chaka akudandaula kuti omvera sakuchuluka, osadziwa kuti vuto linayamba tsiku loyamba, pa timabokosi tiwiri timene anadzaza mothamanga: ka gulu ndi ka chinenero.

Tiyerekeze kuti anyamata awiri a ku Ndirande ayamba podikasiti yokamba za ligi yaikulu ya mpira m'dziko muno. Lolemba lililonse amajambula mphindi 40 za mkangano wokoma: ndani amayenera kulowa m'chigawo chachiwiri, chifukwa chiyani mphunzitsi anachedwa kusintha osewera, ngati penate ija inalidi penate. Amalankhula Chichewa cha m'tauni, chothira mawu a Chingerezi apa ndi apo. Polembetsa pa tsamba losungira mapodikasiti, mmodzi wa iwo apeza kuti kabokosi ka chinenero kadzazidwa kale ndi English, ndipo akusiya momwemo. Pa gulu akusankha Sports, kenako Football. Zonsezi zatenga masekondi ochepa.

Zimene wasankhazo sizithera pa tsambalo. Podikasiti iliyonse ili ndi fayilo yake yotchedwa RSS, imene imanena dzina la podikasitiyo, mwiniwake, chithunzi, magawo onse amene atuluka ndi kumene mawu ake akusungidwa. Apple Podcasts, Spotify ndi mapulogalamu ena omvetsera amawerenga fayilo imeneyi nthawi ndi nthawi kuti adziwe ngati kwatuluka gawo latsopano. M'fayilo ya anyamata athuwa mwalembedwa izi:

```
<language>en-us</language>
<itunes:category text="Sports">
  <itunes:category text="Football"/>
</itunes:category>
```

Mizere inayi ikuuza dziko lonse kuti iyi ndi podikasiti ya Chingerezi cha ku America, yokamba za mpira wa ku America. Palibe mawu amodzi oona mmenemo kupatula Sports.

Wina angafunse kuti za Apple zikutikhudza bwanji, poti mafoni ambiri kwathu kuno ndi a Android. Yankho lili m'mbiri. Apple inayamba kusanja mapodikasiti mu pulogalamu yake ya iTunes m'chaka cha 2005, ndipo kalembedwe kake ka magulu kanafala mpaka kukhala kamene pafupifupi aliyense amatsatira. N'chifukwa chake mawu akuti itunes akuonekabe m'fayilo ija. Masamba osungira mapodikasiti amapereka mndandanda womwewo kwa wolembetsa, ndipo mapulogalamu ena ambiri omvetsera amawerenga mizere yomweyo. Mu 2019 Apple inakonzanso mndandandawu n'kuwonjezera magulu monga History, Fiction ndi True Crime, kotero kuti magulu akuluakulu alipo 19, ambiri mwa iwo okhala ndi timagulu pansi pake.

Makina sadziwa kanthu tsiku loyamba

Kuti timvetse chifukwa chake mizere ija ili ndi mphamvu, tiyenera kuona mmene makina osankhira anthu zomvera ndi zoonera amagwirira ntchito. Nzeru zawo zambiri zimachokera ku khalidwe la anthu. Akaona kuti anthu amene amamvetsera podikasiti iyi amamvetseranso ija, amaziyandikanitsa, ndipo munthu watsopano akakonda imodzi amamusonyeza inzake. Njira imeneyi ndi yamphamvu, koma ili ndi chilema chimodzi chachikulu: imafuna kuti pakhale kale anthu amene anamvetsera. Podikasiti yongobadwa kumene ilibe mbiri. Makina alibe chogwira koma zimene mwiniwake walemba, monga dzina, mawu ofotokozera, gulu ndi chinenero.

Kwa olankhula Chingerezi, Chifalansa kapena Chisipanishi pali chopulumukira china. Makina amatha kumva zolankhula zawo n'kuzilemba, ndipo kuchokera m'zolembazo angadziwe nkhani imene ikukambidwa ngakhale mwiniwake atalemba zosakwanira. Pamene Apple inayamba kulemba yokha mawu a m'mapodikasiti mu 2024, inayamba ndi zinenero zinayi: Chingerezi, Chifalansa, Chijeremani ndi Chisipanishi. Chichewa panalibe. Tanthauzo lake n'lakuti wolankhula Chichewa amadalira kwambiri zimene walemba pamanja kuposa mnzake wa ku London. Iyeyo akanama m'kabokosi, palibe khutu lina lodzamukonzera.

Apple yokha imanena kuti gulu loyamba limene munthu wasankha, pamodzi ndi kagulu kake, ndi limene limagwiritsidwa ntchito poika podikasiti pa masamba a magulu, pa mindandanda ya zotchuka, ndiponso pa zimene womvera aliyense amasankhiridwa payekha. Gulu lachiwiri limaloledwa, koma loyamba ndilo lolemera. Choncho anyamata a ku Ndirande aja akupikisana ndi mapodikasiti akuluakulu a ligi ya NFL, amene amatentha kuyambira mu Seputembala mpaka masewero a Super Bowl mu Febuluwale. Munthu wa ku Lilongwe amene watsegula Soccer kufuna za mpira sawapeza, chifukwa kulibeko. Munthu wa ku Texas amene angawapeze pa Football amadina, amamva "takulandirani okondedwa omvera", ndipo amatseka.

Kutseka kumeneko sikupita pachabe. Kumalembedwa.

Apple imati mindandanda yake ya zotchuka imayang'ana zinthu zitatu: kumvetsera, anthu amene adina kuti azitsatira podikasitiyo, ndi kuchuluka kwa amene amamaliza gawo. M'malipoti amene imapatsa eni mapodikasiti, imasiyanitsa womvera wamba ndi womvera wokhazikika, amene wamvetsera mphindi 20 kapena magawo 40 pa 100 alionse a gawolo. Mlendo amene watseka patangotha masekondi khumi sawonjezera chilichonse pa ziwerengero zofunikazo. Amangosiya umboni wakuti wina anayesa n'kuthawa, ndipo makina alibe njira yodziwira kuti anathawa chifukwa samva Chichewa. Kwa makinawo, munthu wothawa chinenero ndi munthu wothawa nkhani yosakoma amaoneka chimodzimodzi.

Zili ngati minibasi yopita ku Chilomoni imene yaika chikwangwani cha Limbe poganiza kuti ku Limbe kumapita anthu ambiri. Okwera amadzazadi msanga, koma akangoona kumene yakhotera amakuwa kuti atsike, pamene a ku Chilomoni enieni aisiya idutse chifukwa chikwangwani sichinali chawo.

Umboni wochokera ku YouTube

Makampani awa saulula zonse za mmene makina awo amasankhira, koma mu 2016 akatswiri atatu a ku Google, Paul Covington, Jay Adams ndi Emre Sargin, anafotokoza poyera mmene YouTube inkachitira pa nthawiyo. Anati ntchitoyo ili pawiri. Poyamba makina amasefa mavidiyo mamiliyoni n'kutsala ndi mazana ochepa amene angayenere munthu wina wake. Kenako amasanja mazanawo kuti aone loyamba liti, lachiwiri liti. Pa sitepe yachiwiriyi, zina mwa zimene ankayang'ana ndi chinenero cha woonera ndi chinenero cha vidiyo. Ankakumbukiranso kuti vidiyo yasonyezedwa kangati kwa munthuyo osaidina, kuti asamangomubwerezera chinthu chimene wachikana. Ndipo chimene ankafuna kulosera sichinali kudina kokha, koma nthawi imene munthuyo angathe akuonera.

Makinawo asintha kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, koma mfundo ziwiri zikugwirabe ntchito: chinenero chili m'gulu la zinthu zimene zimalumikiza vidiyo ndi woonera, ndipo kudina kosatsatiridwa ndi kuonera n'kopanda phindu.

Tiyeni tiwerengere, ndi manambala ongoyerekezera kuti mfundo ioneke. Anyamata aja aikanso gawo lawo la mphindi 40 pa YouTube, ndi mutu wa Chingerezi chokhachokha ndipo chinenero chikusonyeza English. Vidiyo yasonyezedwa kwa anthu 1,000, mwa iwo 800 osamva Chichewa ndi 200 ochimva. Tinene kuti mbali zonse ziwiri anthu asanu pa 100 alionse adina. Ndiye kuti adina alendo 40 ndi eni chinenero 10. Alendowo aonera theka la mphindi aliyense, zonse pamodzi mphindi 20. Eni chinenero aonera mphindi 20 aliyense, zonse pamodzi mphindi 200. Mphindi 220 tikazigawa kwa anthu 50, munthu mmodzi waonera mphindi zinayi ndi pang'ono, pa vidiyo ya mphindi 40. Koma vidiyo yomweyo ikanasonyezedwa kwa anthu 200 omva Chichewa okha, odina akanakhala 10 basi, aliyense mphindi 20, theka lathunthu la vidiyo. Poyamba paja oonera achuluka kasanu, koma vidiyo ikuoneka yothawidwa. Kachiwirika oonera ndi ochepa, koma makina aphunzira zoona: anthu a mtundu uwu akayamba sachoka msanga, tiyeni tifunefune ena onga iwo.

Apa m'pamene pagona msampha umene ambiri amagweramo dala, osati mwangozi. Amati olankhula Chingerezi ndi ambiri, ndiye kusankha English ndi kulemba mutu wa Chingerezi kutsegula msika waukulu. Msikawo ndi waukuludi, koma si wa katundu ameneyu. Amene amva mkangano wa penate ya pa Kamuzu ali ku Malawi, ku Chipata ndi ku Lusaka, ku Tete, ndi pakati pa a kwathu amene ali ku Joni, ku Harare kapena ku Mangalande. Mutu wa Chingerezi pa vidiyo ya Chichewa umaitana anthu amene achoke, ndipo ndiwo amene amawononga chiwerengero cha nthawi yoonera.

Tiyenera kunena chilungamo pa za gulu pa YouTube. Kumeneko magulu alipo 15, monga Sports, Music, Education, Comedy ndi News & Politics, ndipo mavidiyo ambiri amangotsalira pa People & Blogs chifukwa eni ake sanakhudze kabokosiko. Magulu amenewa ndi otakata kwambiri, ndipo mphamvu yawo pa zimene anthu amasankhiridwa ndi yaing'ono poyerekeza ndi mutu, chithunzi cha pamwamba ndi khalidwe la oonera. Amene amalonjeza kuti kusintha gulu pa YouTube kuchulukitsa oonera usiku umodzi akugulitsa mphepo. Gulu limalemera kwambiri pa mapodikasiti, kumene anthu amayendayenda m'magulu ndi m'mindandanda ya zotchuka. Pa YouTube chinenero ndi mutu ndizo zoyamba kukonza, ngakhale kuti gulu lolondola silivulaza munthu ndipo magulu ena amatsegula timabokosi towonjezera: Gaming imafunsa dzina la gemu, Education imafunsa mtundu wa phunziro.

Zilembo ziwiri za chinenero chathu

M'fayilo ya RSS chinenero sichilembedwa ndi dzina lonse. Chimalembedwa ndi zilembo zochepa zochokera pa mndandanda wa dziko lonse wotchedwa ISO 639. Chingerezi ndi en, Chipwitikizi ndi pt, Chiswahili ndi sw, Chishona ndi sn. Chichewa ndi ny, kuchokera ku dzina lakuti Nyanja, ndipo pa mndandanda wa zilembo zitatu ndi nya. Wofuna kusonyezanso dziko amalemba ny-MW kapena ny-ZM.

Pano pali maenje awiri. Loyamba ndi la munthu amene amangoganizira kuti Chichewa chiyenera kukhala ch. Zilembo zimenezo ndi za Chamorro, chinenero cha ku chilumba cha Guam m'nyanja ya Pasifiki, ndipo poti ndi zilembo zovomerezeka, makina amazilandira osadandaula. Kulemba mw, kumene ndi chizindikiro cha dziko la Malawi osati cha chinenero, n'kolakwikanso, koma mwina n'kwabwinoko, chifukwa Apple imakana fayilo yokhala ndi zilembo za chinenero zosadziwika ndipo mwiniwake amazindikira msanga. Dzenje lachiwiri ndi la munthu amene amatsika pa mndandanda wa zinenero kufunafuna pa C, osapeza Chichewa, n'kubwerera ku English mokhumudwa. Mindandanda yambiri imalemba chinenerochi kuti Nyanja, pa N. Asanataye mtima, munthu ayang'ane malo onse awiri.

Abale a Chitumbuka ndi Chiyao ali ndi vuto lokulirapo, chifukwa zinenero zawo zilibe zilembo ziwiri. Zili ndi zitatu zokha, tum ndi yao, ndipo si tsamba lililonse limene limazipereka.

Nanga tsamba likakhala kuti lilibe Chichewa kapena Nyanja?  Mwini podikasiti alembere eni tsambalo kupempha kuti awonjezere ny, ndipo podikira, dzina la podikasiti, mitu ya magawo ndi mawu ofotokozera zikhale m'Chichewa, ndi mawu akuti "m'Chichewa" kumayambiriro kwenikweni. Mawu olembedwawo makina amawawerenga, ndipo koposa apo, mlendo amawaona asanadine n'kudutsa mwamtendere osasiya mbiri yoipa. Mayina a matimu, a osewera ndi a mabwalo alembedwe mmene anthu amawalembera pofufuza, chifukwa ndiwo amene wokonda mpira amataipa.

Funso lovuta kwenikweni ndi la chinenero chosakaniza. Anyamata athuwa amanena "penate", "kona", "ofusayidi", ndipo nthawi zina amaponya chiganizo chathunthu cha Chingerezi. Asankhe chiti? Muyeso wake ndi wosavuta: chinenero cha podikasiti ndi chija chimene womvera sangatsatire nkhani popanda icho. Munthu wodziwa Chichewa chokha angatsatire mkangano wawo wonse, kuphonya pang'ono chabe. Munthu wodziwa Chingerezi chokha angatole mawu awiri atatu n'kusochera. Ndiye yankho ndi ny. Ndipo poti m'fayilo ya RSS mzere wa chinenero umaimira podikasiti yonse osati gawo limodzi, amene akufuna kutulutsa magawo ena m'Chingerezi chokhachokha, mwina pofuna omvera a kunja, achita bwino kutsegula podikasiti yachiwiri kusiyana ndi kusakaniza omvera awiri osamvana pa fayilo imodzi.

Pa YouTube timabokosi ta chinenero tilipo tiwiri, ndipo ambiri sazindikira. Video language ndi chinenero chimene chikulankhulidwa m'vidiyo. Title and description language ndi chinenero cha mutu ndi mawu ofotokozera. Koyambako kakalozera ku English pamene anthu akulankhula Chichewa, makina olemba mawu pansi pa vidiyo akhoza kuyesa kumva Chingerezi m'Chichewamo, n'kutulutsa ziganizo zopanda mutu zimene oonera amaseka nazo. Zoseketsazo zili ndi mtengo wake: munthu wovutika kumva amene amadalira mawu olembedwa sapindula kanthu, ndipo wofuna kuwamasulira m'chinenero china amamasulira zamkutu.

Pamene gulu loyenera palibe

Za mpira n'zosavuta, chifukwa kagulu koyenera kalipo, kangobisala pa dzina lina. Fayilo yokonzedwa ya anyamata aja iyenera kuoneka chonchi, ndi gulu lachiwiri la nkhani zamasewera:

```
<language>ny</language>
<itunes:category text="Sports">
  <itunes:category text="Soccer"/>
</itunes:category>
<itunes:category text="News">
  <itunes:category text="Sports News"/>
</itunes:category>
```

Koma mndandanda wa Apple unalembedwa ndi anthu a ku America poganizira moyo wawo, ndipo zimaonekera. Muli kagulu ka Golf, ka Hockey, ka Baseball, ngakhale ka ndege, Aviation, koma gulu la ulimi mulibe. Mlangizi wa zaulimi amene akufuna kuphunzitsa za ntchemberezandonda, za kasungidwe ka chimanga kapena za mitengo ya soya ayenera kusankha pakati pa magulu amene palibe lomukwana ndendende.

Njira yabwino ndiyo kuleka kufunsa kuti "nkhani yanga ndi ya chiyani" n'kufunsa kuti "womvera wanga akufuna kuchita chiyani akamaliza kumvetsera". Ngati podikasiti ikuphunzitsa kachitidwe, monga kutalikirana kwa mapando ndi nthawi yothira feteleza wobereketsa, malo ake ndi Education, kagulu ka How To. Ngati ikukamba za misika, ngongole ndi phindu, ndi Business, kagulu ka Entrepreneurship. Kagulu ka Home & Garden pansi pa Leisure kamakopa chifukwa ka dzina la dimba, koma kumeneko kwadzaza anthu okongoletsa nyumba ndi obzala maluwa pongosangalala, ndipo mlimi wa maekala awiri amene banja lake likudalira zokolola sakafuna uphungu kumeneko. Asanasankhe, munthu atsegule kagulu kamene akukaganizira n'kuona mapodikasiti khumi oyamba. Ngati womvera wa mapodikasiti amenewo, atakhala kuti amamva Chichewa, angakonde yakeyo, malo ndi omwewo.

Pali chinyengo china chimene chimayesa anthu: kuthawira ku kagulu kopanda mpikisano kuti dzina lioneke pamwamba pa mndandanda. Mlaliki amene podikasiti yake ndi ya maulaliki, malo ake ndi Religion & Spirituality, kagulu ka Christianity kapena Islam. Akaona kuti kumeneko kwadzaza n'kudziika pa Philosophy, akhoza kukweradi pa mndandanda waung'onowo, koma amene amayendera Philosophy sakufuna ulaliki, ndipo amene akufuna ulaliki sakafika kumeneko. Nambala yokongola pa mndandanda wolakwika imathandiza kujambula chithunzi chotumiza kwa anzako, basi. Chimodzimodzi anyamata ampira amene amaseketsa kwambiri angakopeke ndi Comedy. Koma munthu amabwera kwa iwo chifukwa cha mpira, nthabwala n'zokometsera, ndiye Comedy ingakhale gulu lachiwiri, osati loyamba.

Amene amalemba fayilo ya RSS pamanja asamale zinthu ziwiri zazing'ono. Mayina a magulu ayenera kulembedwa ndendende mmene Apple imawalembera, zilembo zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndipo chizindikiro cha & chimalembedwa mwapadera, mwachitsanzo `Religion &amp; Spirituality`, apo ayi fayilo yonse imakanika kuwerengeka.

Kudziwa kuti pali vuto, ndi kulikonza

Chizindikiro choyamba chili pa malipoti a kumene omvera ali. Pa YouTube Studio, pansi pa Analytics, mbali ya Audience imasonyeza maiko. Kuona South Africa, Zambia kapena Britain pamwamba si vuto, chifukwa kumeneko kuli eni chinenero ambiri. Chofunika ndi kuyerekeza nthawi imene anthu a dziko lililonse akuonera. Dziko limene likubweretsa odina ambiri koma oonera masekondi ochepa ndiye kuti vidiyo ikuperekedwa kwa anthu osaimva. Chizindikiro chachiwiri ndi mzere wosonyeza pamene anthu akuchokera pa vidiyo. Vidiyo iliyonse imataya anthu kumayambiriro, koma mzere ukagwa ngati phompho pa masekondi oyambirira, pamene wolankhula wangotsegula pakamwa, chinenero n'chimodzi mwa zoyamba kukayikira. Chachitatu ndi anansi: pa Traffic source, mbali ya Suggested videos imasonyeza mavidiyo amene anthu ankaonera asanafike pa yako. Akakhala a nkhani ina ndi chinenero china, makina akuika malo olakwika. Pa podikasiti, kungotsegula tsamba lake m'pulogalamu yomvetsera n'kuona gulu lolembedwa pansi pa dzina ndi mapodikasiti amene ayandikanitsidwa nayo kumaulula zambiri.

Zizindikirozi sizitsimikiza zonse. Mawu osamveka bwino, malonje aatali kwambiri kapena chithunzi cholonjeza zimene mulibe zimathamangitsanso anthu. YouTube imati theka la matchanelo ndi mavidiyo limakhala ndi odina pakati pa awiri ndi khumi pa anthu 100 alionse amene asonyezedwa, kotero nambala yaing'ono payokha si umboni wa vuto la chinenero. Ndi kugwirizana kwa zizindikiro ziwiri kapena zitatu kumene kumaloza ku timabokosi tija.

Kukonza kwake sikulira ndalama. Pa podikasiti, kusintha kumachitikira pa tsamba losungira, m'makonzedwe a podikasiti yonse, ndipo mapulogalamu omvetsera amatola kusinthako akawerenganso fayilo, kawirikawiri pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Pa YouTube Studio, munthu alowe pa Settings, kenako Upload defaults, kenako Advanced settings, n'kukonza Category ndi timabokosi tiwiri ta chinenero kuti mavidiyo a m'tsogolo azibadwa olondola. Mavidiyo akale amakonzedwa pa Content, powasankha onse pamodzi n'kudina Edit. Chenjezo kwa ambiri amene amagwira ntchito yonse pa foni: makonzedwe a Upload defaults amagwira pa mavidiyo oikidwa kudzera pa msakatuli wa pa kompyuta, choncho vidiyo yoikidwa ndi pulogalamu ya pa foni iyenera kuunikidwa payokha.

Kusintha kukachitika, zotsatira sizibwera mawa. Mbiri ya alendo amene anathawa sifufutika nthawi yomweyo, ndipo magawo atsopano ndiwo amayamba kusonyeza kusiyana. Chiwerengero cha odina chikhoza kutsika poyamba, chifukwa alendo aja aleka kubwera, ndipo apa ambiri amachita mantha n'kubwerera ku English. Nambala yoyenera kuyang'ana ndi nthawi imene munthu mmodzi akumvetsera, ndi kuchuluka kwa amene akubweranso sabata yotsatira. Kusinthasintha gulu mwezi uliwonse pofunafuna mwayi nakonso kumangosokoneza, chifukwa mwini sadziwanso chimene chathandiza ndi chimene chawononga.

Inu amene muli ndi podikasiti kapena tchanelo ya Chichewa, musanajambule gawo lotsatira, tsegulani makonzedwe anu muwerenge zimene zalembedwa pa chinenero ndi pa gulu loyamba. Ngati pali en pamene mumalankhula Chichewa, ikani ny. Ngati mumakamba za Flames ndipo muli pa Football, samukirani ku Soccer lero.